Foni ikutchaja bwinobwino, koma mahedifoni ali zii

Foniyo inali Samsung Galaxy A53, yogula kwa munthu koma yosaperepeseka. Mwini wake, mtsikana wophunzira pakoleji, anazindikira atafika kale kunyumba kuti ilibe kabowo kozungulira kaja kolowetsamo mahedifoni. Anaitembenuza pamwamba, pansi ndi m'mbali momwe, koma kabowo kanali kamodzi basi, kotchajira, ka mtundu wa USB-C. M'mawa mwake anapita pamsika n'kugula kaadaputa koyera, kachingwe kafupi ngati chala, mbali ina kolowa m'foni, mbali ina kolandira mahedifoni ake akale. Atalumikiza n'kuyatsa nyimbo, nyimboyo inangobuma pa sipika ya foni, m'makutu muli zii.

Anabwerera kwa wogulitsa uja. Wogulitsayo anakalowetsa kaadaputako m'foni yake, nyimbo n'kumveka bwinobwino, ndipo anamuuza kuti yakufa ndi foni yake. Mtsikanayo anakana kwamtuwagalu, poti foni yomweyo imatchaja usiku uliwonse pa kabowo komweko. Palibe ananama pa awiriwa, ndipo onse anali atalakwitsa. Nkhaniyi inakathera pa tebulo la wokonza mafoni, amene anapeza mavuto awiri osiyana, lina litabisala kumbuyo kwa linzake.

Kabowo kamodzi, ntchito zambiri

Kuti munthu amvetse zimene wokonza uja anachita, ayambe wasuzumira m'kabowo ka USB-C ndi tochi. M'lifupi mwake ndi mamilimita 8 ndi pang'ono, ndipo pakati pake pali kalilime kopyapyala. Pa kalilimeko pali timizere tachitsulo 24, pamwamba 12 pansi 12, totalikirana theka la milimita basi. Okonza mafoni amati mapini. Mtundu umenewu unalengezedwa mu 2014, ndipo ubwino wake woonekeratu ndi wakuti pulagi imalowa ngakhale mutaitembenuza.

Mapiniwa anagawana ntchito. Anayi amanyamula magetsi ndipo ena anayi ndi obwezera magetsiwo, choncho ntchito yotchaja yokha ili ndi mapini 8. Awiri, otchedwa CC, ali ngati mlonda wa pageti: ndi amene amauza foni kuti kwalowa chinthu, chalowa chotembenukira kuti, ndipo ndi chinthu chofuna kupatsidwa magetsi kapena chobweretsa magetsi. Ena, otchedwa D+ ndi D-, ali pakatikati pa kalilime, ndipo ndi mmene mumadutsa uthenga, kuphatikizapo mawu opita ku mahedifoni.

Apa ndiye pagona yankho la mtsutso wa mtsikana uja. Kutchaja kuli ndi njira zambiri, moti pini imodzi ikada kapena ikapanda kugunda, anzake amagwirabe ntchito. Mawu alibe mwayi wotero. Pa pulagi pali D+ mmodzi ndi D- mmodzi, ndipo mmodzi yekha akalephera kugunda, foni siidziwa n'komwe kuti kwabwera mahedifoni. N'chifukwa chake mawu akuti "koma ikutchaja" sakwanira kukhala umboni woti kabowo kali bwino.

Maadaputa ndi amitundu iwiri

Wokonza uja sanayambe ndi kumasula foni. Anayamba ndi mahedifoni, n'kuwalowetsa m'foni ina yakale yokhala ndi kabowo kozungulira ka mamilimita 3.5. Analira makutu onse awiri. Mahedifoni anachoka pa mlandu, n'kutsala adaputa ndi foni.

Kenako anatenga adaputa ija, mahedifoni ali momwemo, n'kuilowetsa m'laputopu yake yokhala ndi USB-C. Laputopu sinasonyeze chilichonse, ndipo pa mndandanda wa zotulutsira mawu sipanaoneke dzina latsopano. Atamva kuti adaputa yomweyo inalira m'foni ya wogulitsa, anadziwiratu kuti ndi ya mtundu wanji.

Nyimbo imene ili m'foni imasungidwa ngati manambala, pamene timasipika ta m'mahedifoni timafuna magetsi okwera ndi kutsika motsatira mawu. Pakati pa ziwirizi pamafunika kachipangizo kosandutsa manambala kukhala magetsi otero, ndipo pa mapaketi amakalemba kuti DAC. Pa mafoni okhala ndi kabowo kozungulira, ntchitoyi imathera m'foni momwemo. Makampani atayamba kuchotsa kabowoko, monga Apple pa iPhone 7 mu 2016, Google pa Pixel 2 mu 2017 ndi Samsung pa Galaxy Note 10 mu 2019, panabuka funso loti kachipangizoko kazikhala kuti, ndipo makampani sanayankhe mofanana.

Ena anasiya ntchitoyo m'foni, n'kukonza zoti mawu okonzeka kale azitulukira pa mapini a USB-C. Moto Z ya mu 2016 ndi OnePlus 6T ya mu 2018 ndi zitsanzo za mafoni otere. Adaputa yake ndi mawaya chabe, mulibe chanzeru chilichonse. Imangokokera pansi mapini onse awiri a CC, ndipo foni ikaona chizindikiro chimenecho imasintha ntchito ya D+ ndi D-, wina n'kunyamula mawu a khutu lamanja, wina lamanzere. Adaputa zoterezi n'zosavuta kupanga, n'chifukwa chake n'zotchipa ndipo zadzaza m'misika.

Makampani ena anati ayi, pa kabowoka pazituluka manambala okhaokha, DAC ikhale m'adaputa kapena m'pulagi ya mahedifoni. Mafoni a Pixel ali m'gulu limeneli, chimodzimodzinso a Samsung opanda kabowo kozungulira, ndi ma iPhone kuyambira pa iPhone 15 ya mu 2023, imene inali yoyamba kukhala ndi USB-C. M'mafoni amenewa adaputa ya mawaya okhaokha ili ngati paipi yolumikizidwa ku mpope wopanda madzi. Pixel imanena poyera pa sikirini kuti "Analog audio accessory detected", n'kuwonjezera kuti chipangizocho sichigwirizana ndi foniyo. Mafoni ena amalemba uthenga wawo, ena amangokhala chete.

Chovuta n'chakuti kunja maadaputa awiriwa amafanana ngati mapasa. Kulemera kapena kukula kwa pulagi sikuthandiza kwenikweni, poti DAC ya masiku ano ndi yaing'ono kuposa njere ya mpunga. Chothandiza ndi kuwerenga paketi ngati palembedwa "DAC" kapena "digital", komanso kuyesa kuja kwa pa laputopu: adaputa yokhala ndi DAC imaonekera ngati chotulutsira mawu chatsopano, pamene ya mawaya okhaokha sioneka. Poyesa, mahedifoni azikhala atalowetsedwa kale m'adaputa, chifukwa maadaputa ena sadzionetsa ku foni kapena ku kompyuta mpaka atamva kuti m'kabowo kawo mwalowa pulagi. Ndipo poti adaputa yokhala ndi DAC imagwira pafupifupi m'mafoni a magulu onse awiri, wogula amene sakudziwa gulu la foni yake sataya ndalama akasankha imeneyo.

Mfundo yomweyi ikukhudzanso mahedifoni obwera ndi pulagi ya USB-C kuchokera ku fakitale. Ena ali ndi DAC m'pulagi, ena alibe. Mahedifoni amene anabwera m'bokosi la foni ina n'kumalira bwino kwa zaka akhoza kukhala duu m'foni yatsopano, asanawonongeke ngakhale pang'ono.

Vuto lachiwiri linali m'thumba

Wokonza uja anatulutsa adaputa yake yoyesera, yokhala ndi DAC, imene ankadziwa kuti ndi yamoyo. Atailowetsa mu Galaxy ija, nyimbo inapitirizabe kubuma pa sipika. Atakankha pulagi ndi chala chachikulu, mawu anasamukira m'mahedifoni. Atachotsa chala, anabwereranso pa sipika.

Apa anafunsa mtsikanayo ngati chingwe cha tchaja chimagwira zolimba. Iye anavomera kuti chimasololoka chokha foni ikangosuntha, ndipo nthawi zina amachita kuitsamiritsa pa buku kuti itchaje. Ankaganiza kuti vuto ndi tchaja.

Pulagi ya USB-C imalowa mamilimita pafupifupi 6, ndipo ikafika pamapeto, timano tiwiri ta m'kati mwake timakola m'mbali mwa kalilime kaja. Ndiko kaphokoso kaja koti "tha" kamene munthu amamva kapena kukamva m'zala. Pulagi ikalowa mwa fwofwofwo popanda kukola, chitsulo chake n'kumaonekabe kunja kuposa kale, ndiye kuti pansi pa kabowo pali chimene chikuitchinga.

Chotchingacho nthawi zambiri ndi tiulusi ta m'thumba. Foni ikamakhala m'thumba la buluku kapena m'chikwama, tiulusi ta nsalu timalowa pang'onopang'ono, pamodzi ndi fumbi, makamaka m'miyezi yowuma ya Seputembala ndi Okutobala pamene fumbi limalowa paliponse. Usiku uliwonse pulagi ya tchaja imasindikiza zimenezi pansi ngati musi mu mtondo. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri pamakhala kachigamba kolimba, kakuda, kamene munthu akaunika ndi tochi amangoona ngati ndi pansi penipeni pa kabowo. Kachigamba kosakwana milimita imodzi n'kokwanira kuletsa pulagi kukola.

Wokonzayo anayamba wazimitsa foni. Kenako anatenga chotokosera m'mano chamtengo, n'kuchisenga ndi lezala mpaka chinapyapyala moti chikanatha kulowa pakati pa kalilime ndi khoma la kabowo popanda kukakamiza. Anachilowetsa pakona, n'kufika nacho pansi, n'kumakokera m'mbali ndi kunja, chikukhudza khoma osati kalilime. Poyamba sipanatuluke kanthu. Kenako kunatuluka kachidutswa kotuwa, n'kubwera kena, mpaka pa pepala loyera limene anayala panaunjikana kamulu ngati mutu wa machesi, muli tiulusi tabuluu ta jinzi. Anachita mbali zonse ziwiri za kalilime, n'kupemerera ndi kampira kopopera mphepo. Ataunikanso, pansi pa kabowo panaoneka poyera. Adaputa inalowa n'kukola, ndipo foni itayaka, nyimbo inapita m'makutu popanda kuigwiririra.

Pa ntchito imeneyi anthu ambiri amathamangira singano kapena pini ya zovala, ndipo m'pamene foni yongofunika kutokosa imasanduka yofunika kusintha zipangizo. Chitsulo chimakanda mapini, chimatha kuwapinda, ndiponso poti ndi oyandikana kwambiri, nsonga imodzi imagunda awiri nthawi imodzi, pomwe pini ya magetsi inagundizana ndi ya CC. Kalilime kakathyoka palibenso kokonza, kabowo konse kamachotsedwa. Kupemerera ndi pakamwa nakonso sikuthandiza, chifukwa kachigamba kolimba sikasuntha ndi mpweya wa m'kamwa, ndipo mpweyawo umasiyamo chinyezi.

Pali chotchinga china chimene sichifuna n'chotokosera chomwe: kava ya foni. Makava ena okhuthala ali ndi bowo laling'ono moti pulagi yopyapyala ya tchaja imadutsa koma ya adaputa, yonenepa pang'ono, imagunda pa kava isanafike pamapeto. Kuvula kava n'kuyesanso kumatenga masekondi ochepa, ndipo n'koyenera kuchita munthu asanakhudze china chilichonse.

Tochi ikaonetsa zobiriwira kapena zoyererako pa mapini, imeneyo ndi dzimbiri yobwera ndi madzi kapena thukuta, ndipo chotokosera sichingaichotse. Okonza amatsuka ndi sipiriti wapadera wotsukira zamagetsi, amene amauma msanga. Mafoni ambiri a Samsung amatsekanso okha kabowo akamva chinyezi, n'kuonetsa kachizindikiro ka dontho la madzi. Zikatero palibe chochita koma kuisiya foni pa malo opita mphepo mpaka iume.

Chingwe chikaduka m'kati

Mtsikana uja anachoka mavuto ake atatha, koma pa tebulo lomwelo pamabweranso ena amene adaputa yawo ndi yoyenera, kabowo n'koyera, koma mawu akudukaduka kapena foni ikumawaona mahedifoni kenako n'kuwataya. Apa wokayikiridwa ndi chingwe.

M'chingwe cha mahedifoni kapena cha adaputa muli timawaya topyapyala ngati tsitsi, ndipo timaduka pamene chingwe chimapindika kawirikawiri: patsinde pa pulagi, pamphanda pamene chingwe chimagawikana kupita ku makutu awiri, ndi polowera m'kachipangizo ka m'khutu. Kunja mphira umaoneka wabwinobwino. Foni yoikidwa m'thumba adaputa ili chilowere imapinda tsinde limeneli pa phazi lililonse limene mwini wake waponda.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Nyimbo ikulira, munthu agwire pulagi zolimba ndi dzanja limodzi kuti isagwedere m'kabowo, dzanja linalo azipinda chingwe pang'onopang'ono kuyambira patsinde. Mawu akaduka popinda malo amodzimodzi nthawi zonse, waya waduka pamenepo. Akamaduka pogwedeza pulagi yeniyeniyo chingwe chili phee, vuto labwerera ku kabowo.

Mmene mawu akudukira namonso mumanena zambiri. Khutu limodzi likazima kapena kukalakata nyimbo ikupitirira, waya woduka ali kumbali ya mahedifoni, kupitirira DAC. Nyimbo ikaima yokha kapena kulumphira pa sipika, foni yataya chipangizo chonse, ndiye kuti kudukako kuli pakati pa foni ndi DAC, kapena pa mapini. Wokonza amene ali ndi mita yoyezera magetsi amathanso kuyeza mahedifoni a pulagi yozungulira: ambiri a m'makutu amaonetsa maomu pakati pa 16 ndi 32 pa khutu lililonse, ndipo mbali imene mita sikuwerenga kanthu ndiye yoduka.

Pali msampha winanso pa mahedifoni akuluakulu a Bluetooth amene ali ndi kabowo ka USB-C. Pa ambiri a iwo kabowoko n'kotchajira batire basi, sikalandira nyimbo, choncho chingwe chilichonse chimene mungalumikize sichitulutsa mawu. Ngakhale pa amene amalandira nyimbo kudzera pamenepo, chingwe chiyenera kukhala chodutsa uthenga. Zingwe zina zotchipa zili ndi mawaya a magetsi okha. Chingwe chotere chimadziwika polumikiza foni ku kompyuta: foni imatchaja koma kompyuta siiona.

Zikakanika zonsezi

Nthawi zina zitsulo zonse zimakhala bwino, chotseka chili m'masetingi. Adaputa yokhala ndi DAC imadya magetsi a foni, ndipo foni imayenera kuvomera kukhala yopatsa osati yolandira. Pa mafoni ambiri izi zimachitika zokha, koma ena, monga a Oppo ndi Realme, ali ndi batani lolembedwa "OTG connection" limene likhoza kufunika kuyatsa, ndipo limazima lokha pakadutsa mphindi 10 popanda cholumikizidwa. Munthu amadabwa kuti dzulo zimalira, lero zakana. Palinso batani lina lobisika pansi pa "Developer options" lotchedwa "Disable USB audio routing". Limeneli likayatsidwa, mwina ndi mwini wakale wa foni yogula kwa munthu, foni siitumiza mawu ku chipangizo cha USB ngakhale ikuchiona. Liyenera kukhala lozima. Kuzimitsa Bluetooth n'kuyatsanso foni kumachotsa chikayikiro choti mawu akupita ku sipika ina imene foni inalumikizana nayo kale.

Tsono adaputa yodziwika kuti ndi yamoyo ikakana, kabowo kali koyera, pulagi ikukola, masetingi ali bwino, pamatsala kuyesa kuwiri. Koyamba ndi kutembenuza pulagi. Ikagwira mbali imodzi yokha, mapini a mbali ina ya kalilime atha kapena apindika. Kachiwiri ndi kulumikiza foni ku kompyuta ndi chingwe chodutsa uthenga, kapena kulowetsa fulashi ya USB-C. Zimenezi zimadutsa pa D+ ndi D- omwe aja, choncho nazonso zikakana, mlandu wagwera kabowo kapena njira zake za m'kati. Kabowo ka USB-C kanapangidwa kuti kapirire kulowetsa ndi kuzula maulendo 10,000, koma chiwerengero chimenechi ndi cha pulagi yolowa mowongoka, osati ya foni yogwa chingwe chili momwemo.

Pa mafoni ambiri a Android kabowoka kamakhala pa kabolodi kakekake kumunsi kwa foni, kolumikizidwa ku bolodi yaikulu ndi kalamba kopyapyala, moti wokonza amangosintha kabolodiko. Pa mafoni ena kanawotcheredwa pa bolodi yaikulu, ndipo ntchito yake imafuna dzanja lokhazikika komanso ndalama zochulukirapo. Kabolodi katsopano kakaikidwa, mwini foni ayesere pomwepo zonse zitatu, kutchaja, fulashi ndi mahedifoni, chifukwa timabolodi tina tosakhala ta fakitale timatchaja bwinobwino koma n'kulephera zinazo.

Galaxy ya mtsikana uja sinafike kumeneko, ndipo sinamasulidwe n'komwe. Analipira adaputa yokhala ndi DAC ndi kangachepe ka ntchito yotokosa, ndipo usiku umenewo chingwe cha tchaja chinakola osafunanso buku lotsamiritsa. Kaadaputa koyera kaja anakapatsa mchimwene wake, amene foni yake ili m'gulu lotulutsa mawu okonzeka kale, ndipo kumeneko kanalira tsiku lomwelo.